Mizukwa ya m'kaundula: mbiri ya mayina olembedwa pamanja ku Phalombe

Mndandanda wa olandira thandizo ukangotuluka ku Phalombe, pamamveka mawu amodzimodzi: alembamo mizukwa. Dzina likaoneka kawiri, anthu amati wina wadya. Dzina likasowa, amati wina wafufuta kuti alowetsepo m'bale wake. Chinyengo chilipo ndithu, koma amene anakhalapo pa tebulo n'kumakopera mapepala olembedwa pamanja kuti alowe m'kompyuta amadziwa kuti mizukwa yambiri siichokera kwa akuba. Imabadwira pa cholembera, ndipo inayamba kubadwa kale kwambiri.

Kulemba anthu kuno kunabwera ndi msonkho. M'zaka za m'ma 1890, pamene atsamunda ankamanga Fort Lister mu 1893 pa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, anayambanso kutolera msonkho wa nyumba, ndipo msonkho umafuna kaundula. Alomwe ambiri amene ankawoloka kuchokera ku Mozambiki ankatchula mayina awo kwa alembi amene sankadziwa Chilomwe, ndipo mlembi ankalemba zimene khutu lake lamva. Ena anabwera ndi mayina a Chipwitikizi amene anasanduka Juwawo kapena Antoniyo. Ngakhale dera lenilenilo linkalembedwa Palombe, pansi pa boma la Mlanje.

Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe loona za Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Limodzi mwa malamulowo linati r azilembedwa pambuyo pa i ndi e, kwinako kukhale l. Lamulo linali la m'mabuku, koma pakamwa pa munthu wa kumudzi zilembo ziwirizi ndi liwu limodzi, n'chifukwa chake mpaka lero mupeza Chiringa ndi Chilinga pa mapepala a tsiku limodzi. Mayina a anthu sanawagwire n'komwe. Agogo amene anaphunzira pa mishoni, mwana wawo wa nthawi ya malamulo atsopano ndi mdzukulu wokonda Chingerezi amatha kulemba dzina la banja limodzi m'njira zitatu, ndipo palibe amene walakwa.

Napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anabweretsa mtundu wina wa kaundula: wolembedwa mothamanga, pabwalo, anthu ali ndi chisoni. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Phalombe atakhala boma palokha mu 1998, mapepala anachulukirachulukira. Makuponi a fetereza anayamba mu 2005. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anafika ku Phalombe m'gulu la maboma oyambirira. Ntchito iliyonse inkabwera ndi fomu yake, alembi ake ndi zidule zake, ndipo mayi mmodzi ankapezeka m'makaundula anayi ndi malembedwe anayi.

Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa chiphaso cha unzika, ndipo ambiri tinaganiza kuti nkhani yatha, popeza aliyense tsopano ali ndi nambala yakeyake. Ku fetereza wotsika mtengo zinathandiza, makamaka kuyambira 2020. Koma mu Malichi 2023 namondwe Freddy anaonetsa malire a chiphasocho. Madzi ndi matope zimene zinatsika ku Nkhulambe ndi madera ena zinatenga nyumba pamodzi ndi zikwama zosungiramo ziphaso. Magetsi kunalibe, misewu inaduka, ndipo m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi kulemba kunabwerera ku kope ndi bolopeni.

Tiyerekeze pepala la mtundu umenewo, mayina ake ongopeka. Tsiku loyamba, wa komiti ya m'mudzi walemba: Aginesi Waisoni, F, 47, HH 6, ndipo pa mudzi waika timizere tiwiri totanthauza kuti n'chimodzimodzi ndi pamwambapa. Patapita masiku, mphunzitsi walembanso msasa wonse pa fomu ya bungwe lina: Agness Wyson, M, 1976, HH 6. Pa tsamba lachitatu pali A. Wyson, F, 23, HH 3. Wokopera ali ku Migowi kapena ku Blantyre, sanamuonepo aliyense wa anthuwa, ndipo akuyenera kunena ngati awa ndi mabanja atatu, awiri kapena limodzi.

Mzere woyamba ndi wachiwiri ndi munthu mmodzi, ngakhale malembedwe akusiyana kwambiri. Umboni suli pa dzina, uli pa zina zonse: wobadwa mu 1976 anali ndi zaka 47 mu 2023, ndipo anthu a pakhomo, amene HH akuimira, ndi 6 pa mapepala onse awiri. Nanga M uja? Fomu inapangidwa m'Chingerezi, mmene M ndi mwamuna ndipo F ndi mkazi, koma wolemba akamaganiza m'Chichewa, mkazi ndi mwamuna onse amayamba ndi M. Njira yozindikirira n'kuyang'ana tsamba lonse: ngati mlembi ameneyo waika M pa mzere uliwonse, kapena pena walemba Mk ndi Mw, ndiye kuti danga lonselo si loti n'kulikhulupirira. Mzere wachitatu, umene ukufanana kwambiri ndi wachiwiri pa maso, ndi munthu wina. Kumwera kuno anthu ambiri amatenga dzina loyamba la bambo kukhala dzina la banja, choncho ana onse a Wyson ndi a Wyson, ndipo popeza ukwati ndi wachikamwini, ana aakazi amamanga pafupi ndi mayi awo m'mudzi womwewo. Wa zaka 23 ameneyu akhoza kukhala mng'ono wake kapena wachibale wina, wa khomo lake la anthu atatu. Wokopera waulesi amasiya Aginesi kawiri n'kufufuta A. Wyson. Nthawi imodzi wapanga mzukwa, wachotsanso banja lenileni pa thumba la ufa.

Timizere tiwiri tija ndi toopsa kuposa dzina. Kumudzi adiresi si nambala ya nyumba, ndi makwerero: mudzi, gulupu, kenako mfumu yayikulu, zimene pa pepala zimalembedwa Vge kapena VH, GVH, ndi T/A kapena STA. Mlembi wotopa amalemba mudzi kamodzi pamwamba, kenako timizere kapena -do- mpaka pansi. Wokopera akalowetsa timizereto mmene tilili, wina n'kusanja mndandandawo motsata alifabeti, mzere uliwonse umatengera mudzi wa munthu amene wangopezeka pamwamba pake, ndipo palibenso njira yobwezera. Tsamba lachiwiri likathothoka pa loyamba limene linali ndi dzina la gulupu, anthu makumi angapo amakhala opanda kwawo. Ena amalemba c/o ndi bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, limene ndi la anthu mazanamazana ndipo silisiyanitsa aliyense.

Mayina a malo ndiwo osavuta kukonza, chifukwa ndi owerengeka. Mafumu aakulu a Phalombe monga Nazombe, Jenala, Kaduya, Chiwalo ndi Nkhulambe ndi odziwika, ndipo kaya papepala pali Mkhumba, Nkhumba kapena Mnkhumba, dera ndi limodzi. Wokopera wabwino amayamba ndi mndandanda wovomerezeka wa mafumu, magulupu ndi midzi, n'kumasankha mmenemo m'malo molemba yekha. Chovuta n'chakuti midzi imagawikana, mudzi watsopano n'kutenga dzina la wakale ndi 2 kumapeto, ndipo 2 ameneyu ndiye amaiwalika msanga. Dzina la munthu n'losiyana: alibe mndandanda wovomerezeka, ndipo amene amalikonza kuti lioneke bwino amawononga umboni.

Apa ndi pamene, mwa kuona kwanga, zinthu zakhala zikulakwika kwa zaka zonsezi. Kukopera kwakhala kukutengedwa ngati ntchito ya aliyense wodziwa kutayipa, wolipidwa potengera kuchuluka kwa masamba, pomwe ndi ntchito yoweruza. Odziwa amayamba ndi kulemba nambala pa tsamba lililonse ndi pa mzere uliwonse, n'kujambula chithunzi, kuti dzina la m'kompyuta lizitha kulondoledwa kubwerera pa pepala. Amasunga madanga awiri: limodzi la dzina monga lalembedwera, lina la kalembedwe kofananitsira. Timizere amatisandutsa dzina la mudzi nthawi yomweyo. Chilembo chikakayikitsa, monga u ndi n, a ndi o, kapena 1 ndi 7, amafufuza pa tsamba lomwelo liwu lodziwika limene mlembi yemweyo analemba, kuti aone dzanja lake. Chikakanikabe amaika chizindikiro, salota. Pamene ndalama zilipo, anthu awiri amakopera tsamba limodzi payekhapayekha, ndipo pamene asiyana m'pamene wachitatu amayang'ana. Nambala ya chiphaso nayo, popeza imasakaniza zilembo ndi manambala, imasokoneza S ndi 5 kapena B ndi 8, ndipo nambala ya foni imataya 0 woyamba ngati danga silinakonzedwe kuti lisunge mawu.

Makina sanathetse vutoli. Njira yotchuka yofananitsira mayina pomvera katchulidwe, Soundex, ndi ya mu 1918 ndipo inapangidwira mayina a Chingerezi. Imasunga chilembo choyamba, choncho Mkhumba amakhala M251 pamene Nkhumba ndi N251. Imasiyanitsanso l ndi r: Chiringa ndi C652, Chilinga ndi C452. Ndiye kuti imalekanitsa zimene mwana aliyense wa ku Phalombe amadziwa kuti n'zimodzi. Amene amafuna kuti kompyuta iwathandize amayamba aiphunzitsa zathu: l ndi r zikhale chimodzi, h wa mu ph, th ndi kh asawerengedwe, m ndi n woyamba asamasiyanitse mayina, ndipo i wa kumapeto kwa Aginesi ndi Waisoni achotsedwe. Ngakhale pamenepo, kompyuta ingotola mayina okayikitsa a m'dera la gulupu mmodzi, osafufuta.

Chigamulo chimachitikira pabwalo, pamene mayina amaitanidwa pamaso pa mudzi. Nayonso njira imeneyi ili ndi msampha wake, chifukwa mayi amene chiphaso chake chimati Agness mwina m'mudzi amadziwika ndi dzina la mwana wake woyamba kapena la mwamuna wake, ndipo woitana akawerenga la pachiphaso anthu amangoyang'anana. N'chifukwa chake fomu yabwino imakhala ndi danga la dzina lodziwika nalo, ndipo woitana amatchula mayina onse awiri, mudzi, ndi chiwerengero cha a pakhomo, asanalembe kuti munthuyo kulibe.