Ntchito za pa intaneti: mawu oyenera kuwazindikira musanafunsire

Ntchito zambiri zolembedwa kuti "Remote" sizitanthauza kuti munthu angazigwire ali kulikonse. Kampani ikalemba munthu ngati wantchito wokhazikika, imayenera kutsata malamulo a misonkho ndi a ntchito a dziko limene munthuyo akukhala. N'chifukwa chake makampani ambiri amangolemba anthu a m'maiko amene makampaniwo analembetsedwa.

Choyamba kuyang'ana pa chilengezo ndi mzere wa malo. Mawu akuti "US only" kapena "must be authorized to work in the US" akutseka khomo kwa wokhala ku Lilongwe kapena ku Lusaka, ngakhale atakhala ndi luso lotani. Mawu opatsa chiyembekezo ndi "Worldwide", "Anywhere" ndi "EMEA", chidule chimene chimaphatikiza Ulaya, Middle East ndi Africa. Komabe pitani pa fomu yofunsira ntchitoyo: ngati dziko lanu mulibe pa mndandanda wa maiko, musatayepo nthawi.

Onaninso maola. Nthawi ya ku Malawi ndi UTC+2, kotero ili patsogolo pa ya ku London ndi ola limodzi kapena awiri, malinga ndi nyengo. Koma ntchito yoyamba 9 koloko m'mawa ku New York imayamba 3 kapena 4 koloko masana kuno, n'kutha 11 koloko usiku kapena pakati pa usiku.

Nkhani yaikulu ndi ya malipiro. Ambiri a mu Africa amalembedwa pa kontrakiti ngati "contractor", ndipo kampani ya ku America imawapempha kudzaza fomu ya W-8BEN yotsimikiza kuti sali nzika ya dzikolo. Ndalama zimadutsa ku banki kudzera mu SWIFT, kapena pa makampani monga Deel ndi Payoneer. Funso lofunika si lakuti mungatsegule akaunti, koma lakuti mungatapemo ndalama n'kuzifikitsa ku banki ya kwanu.

Pa SWIFT pali zilembo zosonyeza wolipira mtengo wotumizira. OUR ndiye kuti wotumiza alipira zonse, SHA ndiye kuti mugawana, pamene BEN ndiye kuti zonse zidulidwa pa malipiro anu. Tiyerekeze kuti mwagwirizana madola 400 pamwezi, ndipo mabanki a panjira akudula madola 30 pa ulendo uliwonse. Mukamalandira kamodzi pamwezi mutsala ndi 370, koma mukamalandira madola 100 sabata iliyonse mutaya 120. Choncho pemphani OUR, kapena malipiro a kamodzi pamwezi, ndipo zilembedwe mu kontrakiti. Funsaninso banki yanu ngati ndalamazo zingasungidwe mu akaunti ya madola kapena zisinthidwa kukhala makwacha.

Wolemba ntchito weniweni amayankha mafunso amenewa mosazungulira. Amene akufuna kuti muyambe mwatumiza ndalama ya maphunziro kapena ya zipangizo musanalandire kalikonse, ameneyo ndi wakuba.