Matenda a shuga: mmene munthu angawerengere zolembedwa pa paketi ya chakudya chochokera kunja

M'masitolo ndi m'mabaraka a mumzinda wa Tete, ku Moatize, ku Ulongwe ndi ku Zobue muli zakudya zambiri zam'mapaketi zochokera ku South Africa, ku Portugal, ku Brazil ndi ku Malawi. Zina zimalembedwa m'Chipwitikizi, zina m'Chingerezi, ndipo dziko lililonse lili ndi kalembedwe kake. Wodwala matenda a shuga akatenga paketi, nthawi zambiri amafunafuna mawu amodzi okha akuti shuga, akawapeza ndi nambala yochepa n'kugula. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa mzere umene umauza munthu mmene chakudyacho chikwezere shuga m'magazi ndi wina.

Mzere wofunika kuposa yonse

Kumbuyo kapena m'mbali mwa paketi mumakhala kabokosi ka manambala. Pa katundu wa ku Portugal kamutu kake ndi "Declaração nutricional", wa ku Brazil ndi "Informação nutricional", ndipo wa ku South Africa ndi "Typical nutritional information". M'kabokosimo, wodwala shuga ayambe wayang'ana mzere wa makabohaidireti. Ku Portugal amalemba "Hidratos de carbono", ku Brazil "Carboidratos", ndipo pa mapaketi ambiri a ku South Africa pamalembedwa "Glycaemic carbohydrate" kapena "Carbohydrate".

Makabohaidireti ndi dzina lophatikiza shuga ndi sitachi. Sitachi ndi amene ali mu ufa wa chimanga, wa tirigu, mpunga, chinangwa ndi mbatata. Sakoma ngati shuga pakamwa, koma akafika m'matumbo thupi limamuphwanya n'kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Ufa woyera wa tirigu umachita zimenezi mofulumira, mosasiyana kwenikweni ndi shuga wothira mu tiyi.

Pansi pa mzere umenewu pamakhala kamzere kena kolowa mkati pang'ono, kolembedwa "dos quais açúcares", "Açúcares totais" kapena "of which total sugar". Kamzereka kamangonena kuti pa makabohaidireti onse aja, magalamu angati ndi shuga weniweni. Nambala yake ili kale mkati mwa nambala yapamwambayo, choncho siziphatikizidwa. Paketi ikalembedwa makabohaidireti magalamu 76 ndi shuga magalamu 22, zonse pamodzi ndi 76, osati 98.

Magalamu 100 ndi gawo la kudya kamodzi

Kabokosika nthawi zambiri kamakhala ndi mizati iwiri. Woyamba umanena za magalamu 100, kapena mamililita 100 ngati chili chakumwa. Wachiwiri umanena za gawo limene kampani yawerengera kuti munthu angadye kamodzi, ndipo pamwamba pake pamalembedwa "por porção" kapena "per serving".

Mzati wa magalamu 100 ndi woyerekezera zakudya ziwiri, chifukwa muyeso wake ndi umodzi pa paketi iliyonse. Mzati wa gawo ndi wonyenga ngati munthu sanaone kukula kwa gawolo. Kampani ina ikhoza kuwerengera mabisiketi atatu, ina anayi, pamene munthu akakhala pansi ndi kapu ya tiyi amadya khumi. Thupi limalandira zimene munthu wadya, osati zimene kampani inayerekezera.

Chinanso chosokoneza ndi kachizindikiro kapakati pa manambala. Pa mapaketi a Chipwitikizi ndi ambiri a ku South Africa, 4,4 akutanthauza magalamu anayi ndi kachigawo, osati 44.

Chitsanzo cha mapaketi awiri

Mwachitsanzo, mayi wina wodwala shuga ali m'sitolo ku Ulongwe ndipo wagwira mapaketi awiri a magalamu 200. Manambala otsatirawa ndi ongophunzirira, koma ndi ofanana ndi amene amapezeka pa zakudya za mtundu umenewu. Paketi yoyamba ndi ya mabisiketi otsekemera, amene ambiri amati bolasha. Pa magalamu 100 palembedwa makabohaidireti 76 ndi shuga 22. Yachiwiri ndi ya mabisiketi amchere, ndipo pa magalamu 100 palembedwa makabohaidireti 68 ndi shuga 2.

Poyang'ana shuga yekha, paketi yachiwiri ikuoneka ngati yopanda vuto lililonse. Koma mayiwa akawerengera zimene amadyadi, nkhani imasintha. M'paketi yoyamba muli mabisiketi 40, ndiye kuti bisiketi imodzi ndi magalamu 5. Iwo amadya khumi, omwe ndi magalamu 50, theka la magalamu 100. Theka la 76 ndi 38. Akadya magalamu 50 a mabisiketi amchere, theka la 68 ndi 34. Kusiyana kwake ndi magalamu 4 okha, ngakhale kuti paketi imodzi ili ndi shuga wochuluka kakhumi ndi kamodzi kuposa inzake.

Kawerengedwe kake ndi kamodzi nthawi zonse. Munthu amatenga nambala ya makabohaidireti pa magalamu 100, n'kuichulukitsa ndi kulemera kwa chimene adye, kenako n'kugawa ndi 100. Kuti manambalawa amveke bwino, akatswiri a kadyedwe amawerengera magalamu 15 a makabohaidireti ngati gawo limodzi, lofanana ndi kagawo kamodzi ka buledi wodulidwa kale. Mabisiketi khumi aja ndi ofanana ndi magawo awiri ndi theka a buledi. Kuchuluka kwa magawo amene munthu angadye pa chakudya chimodzi kumadalira thupi lake, ntchito imene amagwira ndi mankhwala amene akumwa, ndipo amene angamuuze ndi wachipatala amene amamuona.

Zakumwa

Ngati mayi aja atsikitsira mabisiketiwo ndi kapu ya madzi a zipatso a m'katoni, amene pa mamililita 100 palembedwa shuga 11, kapu ya mamililita 250 ikhala ndi magalamu 27,5. Kasupuni kakang'ono ka tiyi kamanyamula pafupifupi magalamu 4 a shuga, ndiye kuti m'kapu imodziyo muli timasupuni pafupifupi tisanu ndi tiwiri. Pamodzi ndi mabisiketi khumi, makabohaidireti apitirira magalamu 65 pa chakudya chimene iwo amachiona ngati chongogwiriziza m'mimba.

Mawu akuti "100%" pa katoni akutanthauza kuti madziwo ndi a zipatso okhaokha, koma zipatso zili ndi shuga wake, ndipo m'madzi ofinya shugayo amalowa m'magazi msanga kusiyana ndi kudya chipatso chathunthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika shuga wa m'madzi a zipatso ndi uchi m'gulu limodzi ndi shuga wochita kuthira. Limalangiza kuti shuga wotere asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, ndipo kuchepetsa mpaka 25 n'kwabwino koposa.

Pa zakumwa zochita kusungunula ndi madzi, ndi bwino kuona ngati manambalawo akunena za chakumwa chosungunula kale kapena chosasungunula. Akakhala a chosungunula kale, amadalira muyeso wa madzi wolembedwa pa botolo. Wothira madzi ochepa amamwa shuga wambiri kuposa wolembedwayo.

Mndandanda wa zinthu zimene zili mkati

Mndandanda umene umayamba ndi mawu akuti "Ingredientes" kapena "Ingredients" umatsata kulemera. Chinthu chochuluka kwambiri chimalembedwa poyamba, chochepa kumapeto. Shuga akakhala pa malo oyamba, achiwiri kapena achitatu, ndiye kuti ndi gawo lalikulu la chakudyacho. Mndandandawu ndi wothandiza kwambiri pa mapaketi amene alibe kabokosi ka manambala.

Shuga amabwera ndi mayina ambiri. M'Chipwitikizi muli "açúcar", "xarope de glicose", "açúcar invertido", "dextrose", "frutose", "mel" ndi "sumo concentrado". M'Chingerezi muli "sugar", "glucose syrup", "sucrose", "honey" ndi "fruit juice concentrate". Chakudya chimodzi chikhoza kukhala ndi mitundu itatu ya shuga, uliwonse n'kulembedwa pakati pa mndandanda, pamene yonse itaphatikizidwa ikanakhala pamwamba. Palinso "maltodextrina" kapena "maltodextrin", sitachi wophwanyidwa kale amene nthawi zambiri sawerengedwa pa mzere wa shuga koma amakweza shuga m'magazi mofulumira. Ameneyu amaonekera pa mzere wa makabohaidireti.

Mawu akuluakulu a kutsogolo kwa paketi

Mawu akuti "sem adição de açúcares" kapena "no added sugar" amangonena kuti sanathiremo shuga. Shuga wachilengedwe wa zipatso kapena wa mkaka amakhala alimobe. Mawu akuti "sem açúcar" kapena "sugar free" amatanthauza kuti shuga sapitirira theka la galamu pa magalamu 100, koma sanena chilichonse za ufa. Bisiketi yopanda shuga ndi ya ufa wa tirigube.

Zakudya zambiri zotere zimatsekemera ndi "maltitol" kapena "sorbitol", zimene zimalembedwanso kuti "polióis" kapena "polyols". Woyambayo amakwezabe shuga m'magazi, ngakhale kuti safika pa shuga wamba, ndipo zonse ziwiri zikachuluka zimatupitsa ndi kutsegula m'mimba. Mawu akuti "light" akhoza kunena za mafuta kapena mchere, osati shuga. Pa katundu wa ku Brazil, kuyambira mu 2022, chakudya cha shuga wambiri wochita kuthira chimakhala ndi chithunzi cha galasi lokulitsira zinthu kutsogolo ndi mawu akuti "Alto em açúcar adicionado". Kusakhalapo kwa chithunzichi sikutanthauza kuti mulibe sitachi.

Pamene chakumwa chopanda shuga chili choopsa

Munthu amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a gilibenikalamaidi akhoza kutsika shuga kwambiri, makamaka akachedwa kudya kapena akagwira ntchito yolemetsa kumunda. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta, njala yadzidzidzi ndi kusokonezeka maganizo, ndipo kamakina koyezera kamaonetsa nambala yochepera 3,9 kapena yochepera 70, malinga ndi muyeso umene kamagwiritsa ntchito. Pa nthawi imeneyi pamafunika magalamu 15 a shuga wolowa msanga, monga timasupuni tinayi ta shuga m'madzi kapena mamililita 150 a chakumwa cha shuga. Chakumwa cholembedwa "zero" kapena "diet" sichingathandize, choncho achibale a wodwalayo ayeneranso kudziwa kusiyanitsa mabotolowa. Wodwala akakomoka, asamwetsedwe kanthu, koma apititsidwe kuchipatala msanga.

Malire a manambalawa

Kabokosi ka pa paketi kamanena kuchuluka kwa makabohaidireti, koma sikanena mmene thupi la munthu aliyense liwalandirire. Amene ali ndi kamakina koyezera akhoza kuyeza asanadye chakudya chatsopano, n'kuyezanso patapita maola awiri. Kwa odwala ambiri, nambala yachiwiriyo imafunika isapitirire 10, kapena 180 pa muyeso winawo. Ikapitirira mobwerezabwereza pa chakudya chomwecho, gawolo lichepetsedwe kapena chakudyacho chisiyidwe, ndipo paketi yake ndi yoyenera kupita nayo kuchipatala pa tsiku lokatenga mankhwala kuti wachipatala akaione.