Kuchotsera kuwiri pa msonkho wa malipiro

Mtsikana wina wa ku Sakubva, mdzukulu wa Amalawi amene adabwera ku Mutare kudzagwira ntchito kalekale, amaphunzira zowerengera ndalama. Pofotokozera bambo ake kapepala kawo ka malipiro, adatchula didakishoni kuti "chochotsera", kirediti adatinso "chochotsera". Bambowo adangofunsa kuti nanga bungwe la ZIMRA lidalemberanji mayina awiri ngati chinthu chili chimodzi. Funsolo n'lomveka, chifukwa zinthuzi zimasiyana pa malo pomwe ndalamayo ikuchotsedwa. Didakishoni imachotsedwa pa malipiro msonkho usanawerengedwe, pomwe kirediti imachotsedwa pa msonkho umene wawerengedwa kale.

Tiyese ndi munthu wolandira madola 600 a ku America pamwezi, potsata ndondomeko ya PAYE ya 2024. Madola 100 oyamba sakhomedwa msonkho. Kuchokera pamenepo kufika 300 amadula 20 peresenti, yomwe ndi madola 40. Madola 300 otsalawo amadulidwa 25 peresenti, yomwe ndi madola 75. Msonkho wonse ndi madola 115. Za NSSA tiziike pambali kuti masamu asachuluke.

Munthuyu akamasonkha madola 40 ku thumba lovomerezeka la penshoni, lamulo limati ndi didakishoni. Malipiro okhomedwa msonkho amatsika kufika 560, ndipo msonkho umakhala 105. Wapulumutsa madola 10 okha, chifukwa madola 40 aja akadadulidwa 25 peresenti basi. Koma madola 40 omwewo akapita ku bungwe lolipirira chithandizo cha kuchipatala, theka lake limakhala kirediti. Msonkho umawerengedwa pa 600 yonse, n'kupezeka 115, kenako n'kuchotsapo 20, kutsala 95. Onani: ngakhale boma lawerengera theka lokha, phindu lake laposa la penshoni kawiri. Pali kenanso kakang'ono. Msonkho wa Edzi, wa 3 peresenti, umawerengedwa pa msonkho wotsala kirediti itachoka, choncho woyambayo amalipira madola 108.15, winayo 97.85.

Didakishoni imakondera olemera. Bwana amene wafika pa mlingo wa 40 peresenti amapulumutsa madola 16 pa madola 40 omwe aja, pomwe wa pa 20 peresenti amapulumutsa 8. Kirediti ndi 20 kwa onse, komabe ili ndi malire ake. Wolandira madola 150 msonkho wake ndi madola 10. Kirediti ya 20 imangofafaniza 10 imeneyo, yotsalayo ZIMRA simpatsa m'manja.

Kusokoneza mawu kumaluzitsa ndalama zenizeni. Wogwira ntchito wa zaka 55 kapena kuposerapo amapatsidwa kirediti ya okalamba, madola 75 pamwezi. Kalaliki akaichotsa pa malipiro, msonkho umawerengedwa pa 525 n'kukhala 96.25, pomwe umayenera kukhala 115 kuchotsa 75, ndiye kuti 40. Mkuluyo wataya madola oposa 56 mwezi umodzi. Kuzindikira sikovuta: pa kapepalako, kirediti izioneka pansi pa mzere wa msonkho, ndipo msonkhowo utsike ndi ndalama yonseyo. Ukatsika pang'ono chabe, yaikidwa polakwika.

Tsono tizitchula bwanji? Ine "kirediti" sindimukonda. Kumsika wa Sakubva munthu akamva mawuwa amaganiza zotenga katundu pangongole, ndipo nkhalamba ikauzidwa kuti ili ndi kirediti ku ZIMRA ikhoza kuda nkhawa m'malo mokondwa. "Didakishoni" nayenso pakamwa pa antchito amatanthauza chilichonse chodulidwa pa malipiro, kaya ngongole ya mipando kaya ndalama ya maliro, zomwe sizitsitsa msonkho n'komwe. Ndikadakonda tizinena "chochotsera pa malipiro" ndi "chochotsera pa msonkho". Ndi aatali, inde, koma tanthauzo lili m'kati mwake, ndipo wophunzira sangawaloweze osamvetsa.

Anzanga ena amatsutsa. Amati mafomu, mayeso ndi malamulo zonse zili m'Chingerezi, ndiye mwana wozolowera mawu a kwathu akasowa chonena mu ofesi. Mfundoyi njoona mbali ina, ndipo wophunzira ayeneradi kudziwa mayina onse awiri. Koma malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo adati boma lizilimbikitsa kugwiritsa ntchito zilankhulozi. Kwa ine, kumeneko kuyenera kufika pa kapepala kofotokoza msonkho, osathera pa nyimbo za pawailesi. Kumasulira lamulo lonse la msonkho kungatenge nthawi yaitali ndi ndalama zambiri. Tsamba limodzi lonena za kirediti ya okalamba, ya osaona, ya olumala ndi ya kuchipatala, lokhala ndi chitsanzo cha masamu, silingafune zambiri chotero, ndipo mabungwe a antchito ku Mutare angathe kulilemba okha osadikira ZIMRA.