Kuchoka pa siginecha kufika pa nambala yachinsinsi: mbiri ya momwe khadi ya kubanki imadziwira mwini wake

Munthu akamalipira ndi khadi ya kubanki m'sitolo pamakhala mafunso awiri ofunika kuyankhidwa katundu asanatuluke. Loyamba ndi lakuti khadiyo ndi yeniyeni kapena yopeka, lachiwiri ndi lakuti amene waigwirayo ndi mwini wake kapena wangoitola. Kwa zaka zambiri mafunso awiriwa ankayankhidwa mofooka, ndipo mbiri ya kamzere kakuda ka kuseri kwa khadi ndi katchipi kagolide ka kumaso kwake ndi mbiri ya kusaka woyankha wodalirika.

Kamzere ka maginito kanachokera ku kampani ya IBM ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo dzina lomwe limatchulidwa kwambiri pa ntchitoyi ndi la injiniya Forrest Parry. Mu 1970 kanayesedwa pa bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago, kenako mabanki anakatenga. Kapangidwe kake n'kofanana ndi ka tepi ya kaseti. Pali timizere titatu tolembapo, koma polipira kofunika kwambiri ndi kachiwiri, kamene kamasunga zilembo zosapitirira 40: nambala ya khadi, mwezi ndi chaka chimene khadi idzathe ntchito, manambala atatu ouza makina momwe khadiyo iyenera kugwiritsidwira ntchito, ndi timanambala tina ta banki. Zolembedwazi sizisintha. Zimene makina awerenga lero ndi zomwezo adzawerenge chaka chamawa, ndipo kamzereko sikangakane wowerenga aliyense kapena kuwerengera chilichonse pakokha.

Popeza khadi yotere sinkatha kufunsa funso, ntchito yotsimikizira mwini wake inagwera wogulitsa. Iye ankadutsitsa khadi m'makina, risiti n'kutuluka, wogula n'kusaina, ndipo wogulitsayo ankayenera kuyerekeza siginechayo ndi ija ya kuseri kwa khadi. Vuto lake linali loonekeratu. Wakuba khadi ankaba ndi yankho lomwe, chifukwa siginecha yofunika kuitsanzira inali pa khadi pomwepo. Wogulitsa nayenso sanaphunzire zofufuza zolembalemba za anthu, mzere wa ogula ukumudikira, ndipo kukayikira munthu wovala bwino pamaso pa anthu si chinthu chopepuka. Banki sinkaona siginechayo pa nthawi yogula. Inkangoona nambala ya khadi ndi ndalama, n'kuvomereza.

Nambala yachinsinsi, ija makina amailemba kuti PIN, inalipo kale pa nthawiyi. James Goodfellow wa ku Scotland analembetsa mu 1966 luso lophatikiza khadi ndi nambala yoloweza pamtima, ndipo makina oyamba otulutsa ndalama a banki ya Barclays anatsegulidwa ku Enfield, ku London, pa 27 Juni 1967. Koma pa khadi ya kamzere nambalayi sikanatheka kuisunga poyera, chifukwa aliyense wokhala ndi chowerengera akanaiona. Njira yodalirika inali yoti makina aibise m'masamu, aitumize pa lamya kubanki, ndipo kompyuta yotetezedwa ya kumeneko inene ngati ili yolondola. Njirayi ndi yabwino ndipo makina otulutsa ndalama amaigwiritsabe ntchito. Koma inkafuna lamya yogwira ntchito nthawi zonse, ndipo sinkayankha funso loyamba lija. Akuba ankaika kachipangizo kokopera kamzere pakamwa pa makina ndi kakamera koyang'ana zala, n'kulemba zomwe akopazo pa khadi ina yopanda kanthu. Banki sinkatha kusiyanitsa khadi yokopayo ndi yeniyeni, chifukwa zonse ziwiri zinkanena mawu amodzimodzi.

Yankho linachokera ku Ulaya. Roland Moreno wa ku France analembetsa luso la khadi ya tchipi mu 1974, ndipo pofika 1992 makhadi a mabanki a ku France anali ndi tchipi. Kumeneko kuimba lamya pa malonda alionse kunali kodula, choncho khadi yotha kudziweruzira yokha inali yothandiza kwambiri. Makampani a Europay, Mastercard ndi Visa anagwirizana malamulo amodzi otchedwa EMV, kuchokera ku zilembo zoyamba za maina awo, ndipo buku la malamulowa lomwe linafala kwambiri linatuluka mu 1996. Dziko la Britain linayesa njirayi mu mzinda wa Northampton mu 2003, ndipo kuyambira pa 14 Febuluwale 2006 eni makhadi a tchipi ankayenera kulemba nambala m'malo mosaina. Makhadi amene mabanki a m'Malawi ndi m'Zambia amapereka masiku ano amatsata malamulo omwewa.

Tchipi ndi kakompyuta kakang'ono kopanda batire, kamene kamadzuka kakalandira magetsi kuchokera ku makina a wogulitsa. N'chifukwa chake khadi imalowetsedwa n'kusiyidwa momwemo mpaka malonda atha: makina ndi khadi zimakhala zikukambirana. M'kati mwa tchipi muli makiyi achinsinsi amene satuluka, ndipo m'makhadi ambiri mulinso nambala yachinsinsi ya mwini wake, yosungidwa pamalo pamene palibe lamulo loiwerengera kunja.

Chitsanzo ndi mayi wogula katundu wa mapaundi 40 m'sitolo ya ku Northampton. Akalowetsa khadi, makina amayamba ndi funso loyamba. Amawerenga zikalata zamasamu zimene banki inaika mu tchipi, ndipo pa makhadi amakono amapereka nambala yongopeka nthawi yomweyo kuti tchipi iisaine ndi kiyi yake. Khadi yokopa singathe kusaina, chifukwa kiyiyo sinatulukepo. Kenako makina amawerenga mndandanda umene banki inalemba mu tchipi wa njira zotsimikizira mwini khadi, motsatana ndi momwe bankiyo imazikondera: nambala yoonedwa ndi tchipi, nambala yotumizidwa kubanki, siginecha, kapena kusafunsa kalikonse. Makina amatenga njira yoyamba imene angaikwanitse. Ku Britain nthawi zambiri imakhala yoyambayo.

Mayi uja alemba manambala anayi, koma chala chaphonya limodzi. Makina sadziwa nambala yolondola ndipo saweruza. Amangopereka zomwe zalembedwazo kwa tchipi ndi lamulo lotchedwa `VERIFY`, ndipo tchipi imayerekeza m'kati mwake n'kuyankha mwachidule:

```
63C2
9000
```

Yankho loyambalo likutanthauza kuti nambala ndi yolakwika ndipo kwatsala mipata iwiri. Lachiwirilo ndi limene limabwera mayiyo akalembanso molondola, ndipo pamenepo chowerengera mipata chimabwerera pa chiyambi, pamene mabanki ambiri amaika mipata itatu. Chowerengerachi chili mu tchipi momwemo, osati m'makina a sitolo. Wakuba amene walakwitsa kawiri pano sangapite sitolo ina kukayambiranso, chifukwa khadi imakumbukira. Akalakwitsa kachitatu nambalayo imatsekedwa mpaka banki itaitsegula. Pa manambala anayi pali mitundu 10,000 yotheka, choncho wongolota ali ndi mwayi wa 3 pa 10,000.

Gawo lomaliza ndi limene kamzere sikanakhalepo nalo. Tchipi imatenga mapaundi 40 aja, tsiku, mtundu wa ndalama, nambala yopeka ya makina ndi nambala yake yowerengera malonda imene imakwera nthawi iliyonse khadi ikagwira ntchito, n'kuziphatikiza ndi kiyi imene imadziwidwa ndi tchipiyo ndi banki yokha. Chotuluka ndi chidindo chamasamu cha malonda amenewa okha. Banki imawerengera yokha chidindo chomwecho, ndipo zikafanana imavomereza. Wojambula uthengawu panjira sapindula nawo, chifukwa mawa nambala yowerengera ija idzakhala itasuntha.

Kusiyana kwenikweni kuli pa woweruza. Pa kamzere, woweruza anali diso la wogulitsa, kapena banki yakutali imene sinkadziwa ngati ikulankhula ndi khadi yeniyeni. Pa tchipi woweruza ali m'khadi momwemo, satopa ndipo sachita manyazi ndi wogula.

Komabe njirayi inali ndi mng'alu, ndipo momwe unapezekera zikuonetsa bwino pamene mphamvu ya tchipi imathera. Mu 2010 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge, Steven Murdoch, Saar Drimer, Ross Anderson ndi Mike Bond, anaonetsa kuti yankho lija la `9000` silinali losainidwa. Anaika kachipangizo pakati pa khadi ndi makina. Nambala iliyonse ikalembedwa, kachipangizoko sikankaipereka kwa tchipi, koma kankayankha kokha kuti `9000`. Makina ankakhulupirira kuti nambala yatsimikizika n'kulemba choncho pa risiti, pamene tchipi inkaganiza kuti sinafunsidwe nambala n'komwe, monga zimakhalira pa malonda a siginecha, ndipo inkadinda malondawo. Mbali iliyonse inali ndi nkhani yake, ndipo panalibe woziyerekeza. Gulu la akuba la ku France linagwiritsadi ntchito chinyengo chomwechi pomata tchipi yachiwiri pamwamba pa tchipi ya khadi yobedwa, ndipo linagwidwa mu 2011 ndi 2012. Mankhwala ake ndi oti banki iziyerekeza zimene tchipi yanena za nambalayo ndi zimene makina anena, zikasemphana ikane malondawo.

Nkhaniyi inali yolemera chifukwa cha funso la amene amalipira chinyengo chikachitika. Siginecha yabodza imasiya umboni papepala, ndipo mwini khadi angathe kuonetsa kuti si dzanja lake. Nambala siisiya chizindikiro cha chala chimene chailemba. Mawu oti nambala inatsimikizika akaoneka m'mabuku a banki, n'kosavuta kunena kuti mwini khadi ndiye anagula kapena anasasamala, ndipo akatswiri a ku Cambridge aja anadandaula kwambiri za anthu amene anakanizidwa kubwezeredwa ndalama pa chifukwa chimenechi. Tchipi imatsimikiza kuti wolemba akuidziwa nambala, osati kuti ndi mwini wake. Woba khadi ataona nambala ikulembedwa pa mzere wolipirira amadutsa popanda chomuletsa, ndipo kuphimba zala ndi dzanja lina kukadali chitetezo chenicheni.

Si mayiko onse anatenga tchipi ndi nambala pamodzi. America inasamukira ku tchipi mochedwa, pamene kuyambira Okutobala 2015 sitolo yosakhala ndi makina a tchipi inayamba kusenza yokha zotayika pa makhadi okopa. Koma makhadi ambiri a ngongole kumeneko anakhalabe a tchipi ndi siginecha, ndipo mu 2018 makampani akuluakulu a makhadi anasiya kukakamiza siginechayo. Kumeneko funso la khadi yeniyeni linayankhidwa, la mwini wake linasiyidwa kwa makompyuta a banki oyang'ana magulidwe achilendo.

Kamzere kakuda kakadali kuseri kwa makhadi ambiri kuti azigwira ntchito pa makina akale. Pa khadi ya tchipi, manambala atatu aja a pa kamzere nthawi zambiri amayamba ndi 2, monga 201, ndipo makina akaona zimenezi amauza wogulitsa kuti khadiyo ilowetsedwe m'malo moidutsitsa. Tchipi ikakanika kuwerengeka, makina ena amalola kubwerera ku kamzere, ndipo akuba amawononga dala tchipi kuti adutsire pa khomo limeneli. Mabanki ambiri tsopano amakana malonda otere kapena kuwayang'ana mokayikira. Mastercard inalengeza mu 2021 kuti kuyambira 2029 makhadi ake atsopano sadzakhalanso ndi kamzere, ndipo pofika 2033 kadzakhala katachoka pa makhadi ake a ngongole ndi otapira ndalama za mu akaunti.