Kuyeza kunjenjemera kwa mota

Mota yaing'ono ikayamba kunjenjemera, ambiri amangoigwira ndi dzanja n'kuganizira. Dzanja limamvadi kukula kwa kunjenjemera, koma silitchula gwero lake. Gwero limadziwika ndi akiseleromita, kachipangizo koyeza kusintha kwa liwiro, komwe kamamangidwa zolimba pafupi ndi beringi. Zimene kajambula zimagawidwa ndi FFT kuti zioneke kuti mota ikugwedezeka kangati pa sekondi.

Mota yozungulira maulendo 1,500 pa mphindi imazungulira ka 25 pa sekondi. Ngati mbali ina ya chozungulira yalemera kuposa inzake, chithunzi cha FFT chimaonetsa nsonga imodzi yaitali pa 25 Hz, makamaka poyeza cham'mbali mwa shafuti, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yogwedezayo imakula kanayi. Mabawuti akakhwepa, nsonga zina zimatulukiranso pa 50 ndi 75 Hz. Ena amatsutsa ponena kuti kukhwepa nako kumakweza nsonga ya 25 Hz. N'zoona, choncho muyezo umodzi sukwanira: mangitsani mabawuti, muyezenso pamalo omwewo, pa liwiro lomwelo. Nsonga ikapanda kutsika, mabawuti alibe mlandu, ndipo muyang'ane chozunguliracho.