Mizati yosanjikiza kapena yoyandikana: tisankhe tchati chiti zaka zikachuluka?

Ana athu amene ali kusekondale kuno ku Shawlands amakumana ndi matchati a mizati m'masamu, m'jogalafe ndi m'maphunziro ena. Ife makolo timakumana nawonso pokonza lipoti la pachaka la mpingo kapena la bungwe. Zinthu zofananiza zikakhala zingapo, zaka n'kukhalanso zambiri, pali njira ziwiri zojambulira. Yoyamba ndi kusanjikiza zigawo zonse pamzati umodzi wa chaka chimodzi, ngati mmene timasanjira njerwa. Yachiwiri ndi kupatsa chigawo chilichonse mzati wakewake, mizatiyo n'kuima moyandikana, yonse kuyambira pansi. Mu Excel njira yoyamba ili ndi dzina loti Stacked Column, yachiwiri ndi Clustered Column. Manambala ndi omwewo, koma tchati chilichonse chimayankha funso lake.

Tiyese ndi kalembera wa kwathu, amene amachitidwa ndi ofesi ya NSO ya ku Zomba. Chilandirireni ufulu, Malawi wawerenga anthu ake kasanu ndi kamodzi: mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Mu 1966 chigawo cha Kumpoto chinali ndi anthu 497,491, cha Pakati 1,474,952, cha Kummwera 2,067,140, onse pamodzi 4,039,583. Mu 2018 Kumpoto kunali 2,289,780, Pakati 7,523,340, Kummwera 7,750,629, onse pamodzi 17,563,749.

Tikasanjikiza, timapeza mizati isanu ndi umodzi, uliwonse wa zigawo zitatu. Chimene diso limaona msanga ndi msinkhu wa mzati wonse: dziko lakula kupitirira kanayi m'zaka 52. Chigawo chimene tachiika pansi, tinene cha Kumpoto, chimawerengekanso bwino, chifukwa chaka chilichonse chikuyambira pa ziro. Vuto lili pa ziwiri zapamwambazo. Cha Pakati chakhala pamutu pa cha Kumpoto, cha Kummwera pamutu pa ziwirizo, choncho poyambira pake pamakwera kalembera aliyense. Wowerenga amakakamizika kuyeza kutalika kwa zidutswa zoyandama m'malere. Mu 1984 akatswiri awiri, William Cleveland ndi Robert McGill, anaonetsa kuti anthu amalondola kwambiri poyerekeza zinthu zoyambira pamzere umodzi kusiyana ndi zoyambira malo osiyanasiyana. Ngakhale popanda kafukufuku, aliyense amene anayezapo misinkhu ya ana awiri amadziwa kuti sayeza wina ali pachulu.

Tsono nkhani yaikulu m'manambala awa ndi yoti chigawo cha Pakati chatsala pang'ono kupeza cha Kummwera. Mu 1966 Kummwera kunaposa Pakati ndi anthu 592,188. Mu 1987 mpatawo unakula kufika 854,748, nthawi imene anthu othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa ambiri m'maboma a m'malire. Kuchokera apo wakhala ukuchepa: 567,628 mu 1998, 347,840 mu 2008, ndi 227,289 yokha mu 2018.

Tiyeze ndi rula. Papepala la A4, mzati wosanjikiza wa 2018 ufunika malo a anthu mamiliyoni 18, choncho sentimita imodzi iimira miliyoni imodzi. Chidutswa cha Pakati chitalika masentimita 7.5, cha Kummwera pafupifupi 7.8, china pamwamba pa chinzake. Palibe amene angaone ndi maso kusiyana kwa mamilimita awiri pa zidutswa zokhala chonchi. Tikaimika mizati moyandikana, wautali kwambiri sufika mamiliyoni 8, ndiye pepala lomwelo likutilola kupatsa miliyoni imodzi masentimita awiri. Mpata wa 2018 ukhala mamilimita anayi ndi theka pakati pa nsonga ziwiri zogundana, pamene wa 1987 ukhala mamilimita 17. Kutsekeka kwa mpatako kumaoneka popanda wofotokoza. Chimene tataya ndi chiwerengero cha dziko lonse, poti palibe mzati wochionetsa.

Choncho tisanatsegule kompyuta tiyambe talemba chiganizo chimodzi chimene tikufuna wowerenga atenge. Chikakhala chonena za zonse pamodzi, tisanjikize, ndipo chigawo chimene tikuchifuna kwambiri tichiike pansi. Chikakhala chonena kuti ichi chikuposa icho, tiimike moyandikana. Pali njira yachitatu, 100% Stacked Column, imene imatalikitsa mizati yonse mofanana n'kuonetsa gawo la aliyense. Pa kalembera wathu imaonetsa Kummwera kutsika kuchoka pa 51 peresenti kufika pa 44, Pakati kukwera kuchoka pa 36.5 kufika pafupifupi 43, Kumpoto kungosuntha pang'ono kuchoka pa 12 kufika pa 13. Mwayi wake ndi woti chigawo chapansi ndi chapamwamba zonse zili ndi mzere wowongoka woyezerapo, ndiye zazikulu ziwirizo tiziike kumapeto, cha Kumpoto pakati. Koma tisamale, wowerenga wothamanga akhoza kuganiza kuti anthu a Kummwera achepa, chikhalirecho awonjezeka kupitirira katatu.

Zaka zikachuluka, mizati yoyandikana ndi imene imayamba kulemera. Zigawo zitatu pa makalembera asanu ndi mmodzi ndi mizati 18, imene ikwana bwino. Tikati tionetse maboma 28, ikhala mizati 168, yopyapyala ngati tsekera. Ngakhale pa 18 pomwe, amene akufuna kutsata chigawo chimodzi amadumpha mizati iwiri kuti apeze wotsatira. Mankhwala ake ndi kutembenuza magulu: m'malo moika zigawo zitatu pansi pa chaka, tiike zaka zonse pansi pa chigawo chimodzi, kuti mizati ya Pakati ikwere motsatana ngati masitepe. Batani la Switch Row/Column limachita zimenezi. Koma tikatero Pakati ndi Kummwera atalikirana, ndipo mpata uja wavutanso kuuona. Ife tikaona kuti zaka zapitirira khumi, mizati timaisiya n'kujambula mizere, umodzi pa chigawo chilichonse. Mwina sizodabwitsa: William Playfair, mbadwa ya kuno ku Scotland amene anayambitsa tchati cha mizati m'buku lake la mu 1786, anachigwiritsa ntchito poonetsa malonda a Scotland ndi mayiko 17 m'chaka chimodzi chokha, katundu wolowa ndi wotuluka moyandikana. Pamene anali ndi manambala a zaka zambiri ankajambula mizere.

Kusanjikiza kuli ndi lamulo lake limene kompyuta siikumbutsa: zigawo ziyenera kuphatikizika n'kupanga chinthu chenicheni. Munthu amawerengedwa m'chigawo chimodzi chokha, choncho zigawo zitatu zikupanga Malawi. Koma mwana akasanjikiza mapasenti a okhoza mayeso a National 5 m'masamu, m'Chingerezi ndi m'mbiri, mzati udutsa 100, ndipo msinkhu wake sutanthauza kanthu. Akasanjikiza chiwerengero cha olemba phunziro lililonse, apeza mapepala a mayeso, osati ana, poti mwana mmodzi amalemba maphunziro angapo. Poyesa, tingofunsa kuti nsonga ya mzati ikuimira chiyani. Likasowa dzina loitchula, mizatiyo iime moyandikana, ndipo yonse iyambire pa ziro.