Kutsimikiza munthu: tanthauzo lake pa chibwenzi cha pa foni

Achinyamata obadwa kwa makolo ochokera ku Malawi ku Mufakose, Mbare ndi Highfield ku Harare nawonso amapeza zibwenzi pa foni. Kutsimikiza munthu ndi kuonetsetsa kuti amene mukucheza nayeyo alipodi, ndipo nkhope ya pa zithunzi ndi yake.

Zithunzi zokha sizikwanira, chifukwa zimabedwa. Ikani chithunzi chake mu Google Lens. Mukachipeza kwina chili ndi dzina lina, lekani pomwepo. Kusachipeza sikum'yeretsa, poti masamba otsekedwa a Facebook safufuzika.

Kenako muimbireni pa vidiyo ya WhatsApp, masana, kwa mphindi ziwiri. M'pempheni atembenuze mutu, adutsitse dzanja pankhope, atchule dzina lanu. Vidiyo yojambuliratu singamvere zimenezi, ndipo nkhope yopangidwa ndi kompyuta kawirikawiri imasokonekera m'mbali dzanja likadutsa. Ngati akuti amakhala ku Mbare, m'funseni komwe amakwerera kombi yopita m'tauni.

Magetsi amazimadi ku Harare, mabando ndi odula, choncho kulephera kamodzi n'komveka. Koma amene kamera yake imakhala yowonongeka masiku onse, kwinaku akupempha ndalama pa EcoCash, musamutumizire. Dziwaninso kuti vidiyo imangoonetsa nkhope. Ngati ali pabanja, singakuuzeni. Mukamakakumana koyamba, sankhani malo a anthu ambiri ndipo uzani m'bale wanu.